Mawu anayi pa chitseko cha nyumba yosungiramo chimanga

Mayi wina womasulira nkhani ku Lilongwe amati palibe ntchito imene imamuthetsa nzeru ngati ya zikwangwani zochenjeza anthu. Tsiku lina anamubweretsera chenjezo la Chingerezi loti likhomedwe pa chitseko cha nyumba yosungiramo chimanga, mmene anali ataikamo mibulu yophera anankafumbwe. Mibuluyi ikakumana ndi chinyezi imatulutsa mpweya wa fosifini. Matumba amafunditsidwa chipepala cha pulasitiki kwa sabata kapena kupitirira, koma mpweyawo ukapeza potulukira umapha ndi munthu yemwe.

Wina anali atayesapo kale kumasulira: "Chonde dziwani kuti muno mwathiridwa mankhwala, choncho simukuloledwa kulowa."

"Chichewa chake n'chabwinobwino," akutero mayiyu, "koma ine ndimaganizira mlonda amene wazizidwa usiku wa mu Juni, tochi m'manja, akufuna pobisala mphepo. Ndinayamba n'kuchotsa 'chonde'. Ulemu timaukonda, koma wopempha amakanidwa. 'Simukuloledwa' ndinachotsanso, chifukwa amamveka ngati lamulo la bwana, ndipo mlondayo anganene kuti iye ndi wapantchito pomwepo, lamulolo ndi la alendo."

Amene anamuvuta kwambiri ndi mawu akuti "mankhwala". Kwathu kuno panado ndi mankhwala, Akiteliki wothira m'chimanga chimene timadya ndi mankhwalanso. Munthu amene chaka chilichonse amasakaniza yekha fumbi loteteza chimanga chake sangachite mantha akawerenga mawu amenewa. Choncho mayiyu anatchula chinthucho dzina lake lenileni, poizoni, n'kusonyezanso kuti ali mu mpweya, popeza wowerenga akhoza kuganiza kuti bola asagwire kapena kulawa kanthu.

Chikwangwanicho chinatsala chonchi: "NGOZI! MPWEYA WAPOIZONI. OSALOWA." Pamwamba panajambulidwa chigaza ndi mafupa opingasa, kuti wosadziwa kuwerenga naye abwerere.

Nanga bwanji "osalowa" m'malo mwa "musalowe"? "Onse awiri ndi olondola," iye akufotokoza. "Koma 'musalowe' amakhala ngati ukulankhula ndi munthu amene angakuyankhe. 'Osalowa' sasankha nkhope, amaletsa aliyense, ndipo ndi amene maso athu anazolowera pa makoma a m'tauni, monga 'osataya zinyalala pano'."

Asanapereke ntchito, amalemba mawuwo papepala n'kuonetsa onyamula matumba kwa kamphindi, kenako n'kubisa. Safunsa ngati amva, chifukwa aliyense amavomera. Amafunsa kuti, "Mutaona izi pa chitseko, mungatani?" Wina akayankha kuti angalowe atatseka mphuno ndi kansalu, ndiye kuti mawuwo sanagwire ntchito, ayenera kulembedwanso.

Eni nyumbayo anafuna kuwonjezera kuti mpweyawo umanunkha ngati adyo. Mayiyu anakana, ndipo anachita bwino. Fungolo silimveka nthawi zonse, ndipo munthu wosamva fungo angaganize kuti ngozi yatha. Anangolola mzere umodzi waung'ono m'munsi, wonena kuti chitseko chitsegulidwe ndi okhawo amene anaika mibuluyo, akatsimikiza kuti mpweya wonse watuluka.