Sipuni zingati, malita angati?

Mvula ikayamba chabe, mawailesi onse amakamba mawu amodzimodzi: kolera ndi yoopsa, yapha anthu ambiri, imwani madzi abwino, thamangirani ku kiliniki mwamsanga. Palibe bodza pamenepo. Koma mayi wa ku Kanyama amene akumvera uku akuchapa sapezapo chogwira. Ambiri ndi angati? Madzi abwino ndi otani, pamene a m'chitsime chake amaoneka oyera mbee?

Ndimathandiza kulemba mapulogalamu a zaumoyo pa wailesi ya kwathu, ndipo ntchito yanga yambiri ndi kusaka mawu ngati "ambiri", "pang'ono" ndi "kanthawi", n'kufunsa kuti kumbuyo kwake kuli nambala yanji.

Kunena kuti kolera inavuta chaka china sikugwedeza munthu. Koma ukanena kuti mu Januwale 2024 odwala anachuluka mpaka boma linasandutsa bwalo la Heroes kukhala chipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulira pa 8 Januwale anatsegulira pa 12 Febuluwale, womvera amakumbukira yekha. Mng'ono wake anakhala panyumba milungu isanu imeneyo. Wa ku Kanyama akukumbukiranso Januwale 2018, pamene analetsedwa kuyenda panja kuyambira 18 koloko. Ukamuuza zinthu zimene angatsimikize ndi mutu wake, amayamba kukhulupirira ndi zimene sanazimvepo.

Koma nambala imene ndimaikonda kwambiri si ya anthu akufa. Ndi imene munthu angapime ndi manja ake kukhitchini.

Tengani madzi a moyo, aja pa paketi amalemba kuti ORS. Kalembedwe kaulesi kamati: "Sakanizani shuga ndi mchere pang'ono m'madzi." Manje "pang'ono" ya ambuya si "pang'ono" ya mzukulu wawo. Mchere ukachuluka, mwana amene akutsegula m'mimba amaipiraipira m'malo mochira. Shuga akachuluka, kutsegulako kumawonjezeka. Choncho pepala langa limati: lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, masipuni asanu ndi limodzi a shuga, theka la sipuni ya mchere.

Ngakhale pamenepo sindinamalize. Sipuni yake iti? Yodyera phala ndi yaikulu pafupifupi katatu kuposa ya tiyi, ndiye wowerenga ayenera kunena kuti "kasipuni ka tiyi, kosadzaza mulu, kosalaza ndi mpeni". Lita nayo si nyumba iliyonse ili ndi chopimira chake. Ndimalemba kuti "mabotolo awiri a 500, aja a madzi ogula pa kantemba, otsuka bwino". Kenako ndimaikapo njira yodziwira ngati walakwitsa: lawani, asawawe mchere kuposa misozi. Wokhala ndi paketi athire yonse m'madzi a mlingo wolembedwa pa paketipo, osaigawa, ndipo zotsala mawa nthawi yomweyo atayire.

Pa wailesi nambala imauluka, munthu sangabwerere mzere wapamwamba ngati pa foni. N'chifukwa chake ndimaibwereza katatu m'pulogalamu imodzi, ndipo ndimaitchula momwe anthu amawerengera pamsika: sikisi. Mukati "asanu ndi limodzi" mothamanga, wina amagwira "asanu" chabe, wina "limodzi". Okonda Chinyanja chozama amandidzudzula pamenepa, koma ine ndimasankha kuti mayi uja apime zoona.

Klorini nayo ndi chimodzimodzi. "Dikirani kanthawi" timasintha kukhala "dikirani mphindi 30 musanamwe". Koma mlingo wothira m'chigubu cha malita 20 sindiulemba kuchokera m'mutu, chifukwa mankhwala amasiyana mphamvu, a m'botolo ndi a mapiritsi. Ndimatenga botolo lenileni limene likugawidwa m'komboni mwezi umenewo, n'kuwerenga zolembedwa pamenepo, n'kufunsanso anesi. Nambala yolakwika imavulaza kuposa mawu osalunjika, chifukwa munthu amaitsatira ndi mtima wonse.

Pali nambala zina zoona koma zimene ndimazisiya dala. Mabuku a zaumoyo amati chimbudzi chikhale mamita 30 kuchokera pa chitsime. Yendani mu George kapena mu Chawama, muone ngati pali pulotu imene ingakwanitse. Ukawerenga zimenezo, womvera amadziwa kuti wolemba sanapondeko matope a kwathu, ndipo amazimitsa wailesi asanamve za sipuni zija. M'malo mwake ndimanena mosabisa kuti ku Kanyama madzi apansi ali pafupi ndipo miyala yake ili ndi ming'alu, choncho zochokera m'chimbudzi zimafika m'chitsime ngakhale madzi akuoneka oyera. Ndiye madzi a pachitsime onse athiridwe klorini, kapena awire mpaka kubwata kwa mphindi imodzi yathunthu.

Mawu akuti "mwamsanga" ndiwo amandipatsa ntchito yaikulu. Kolera ingaphe munthu wamkulu m'maola ochepa, osati masiku. Ndiye ndimalemba zimene wosamalira angaone ndi maso: chimbudzi cha madzi ngati otsukira mpunga, maso olowa mkati, khungu limene ukalitsina silibwerera msanga. Mukaona chimodzi mwa izi, kaya ndi 02 koloko usiku, nyamukani, ndipo botolo la madzi a moyo likhale m'manja, wodwala azimwa pang'onopang'ono njira yonse.