PHIRI anatiboolera pepala

Malaiti atapita Loweruka lija, tinakhala pakhonde ndi kabuku ka mapazo, aja okupatsiratu mawu onse kuti uwalowetse m'timabokosi. Mulibe mafunso, ndiye tinkati ndi za ana.

Tinayamba bwino. Mawu a zilembo 7 anali amodzi okha, CHIPATA, choncho malo ake sanavute (C ndi H chilichonse bokosi lake). Pa P panayambira mawu otsika a zilembo 5, ndipo pamndandanda oyamba ndi P anali awiri, PHIRI ndi PHALA. Tinalemba PHIRI, ndi bolopeni, chabe chifukwa ndiwo tinayamba kuwaona.

Vuto linatulukira pansi. Chilembo chomaliza cha mawuwo chinayenera kukhalanso chachiwiri cha mawu opingasa a zilembo 4, koma amene analipo ndi GALU, MOTO ndi BUKU. Palibe okhala ndi I pachiwiri. Tikanasuzumira kaye kumeneko tisanalembe, A wa GALU akanatiuza kuti ndi PHALA.

Tinafuta ndi malovu mpaka pepala linabooka, pazo ya kuseli n'kuwonongekera pomwepo. Manje timalemba ndi pensulo.