Tsamba Limodzi la Amayi

Pakampani yomwe ndinkagwirako ntchito ku Limbe m'zaka za m'ma 1990 tinkagulitsa zigayo, mainjini a dizilo ndi mapampu othirira mbewu. Ogula ambiri ankakhala kutali, choncho malonda ankayambira pa telefoni. Bwana wathu anagula kawaya kokhala ndi kamphira komata pachogwirira cha telefoni, mbali inayo nkulowa mu wailesi ya kaseti. Wogulitsa aliyense ankayenera kuyamba wapempha: "Bambo, ndijambule zimene tikambiranezi kuti ndisalakwitse manambala?" Wokana tinkamusiya, nkumalemba pamanja. Ovomera ndiwo ankachuluka, ndipo madzulo makaseti ankaunjikana pa desiki ya mayi wina wachikulire, mlembi wa dipatimenti yathu. Tonse, ngakhale bwana amene, tinkangowatchula kuti Amayi.

Ntchito yawo inali yosandutsa kaseti kukhala tsamba limodzi lotayipa. Kaseti ya C90 imatenga mphindi 45 mbali imodzi, ndipo Mmalawi akayamba kukamba za malonda mphindi zimenezo sizichedwa kutha, pakuti pamakhala moni, za mvula, za maliro a kumudzi, kenako chigayo. Tsambalo linkakhala ndi mitu itatu: zimene wogula wadandaula, zimene wanena zokhudza ndalama, ndi zimene awiriwo agwirizana kuchita. Mawu ake sankapitirira apo. Ngati sizinakwane patsamba, Amayi ankati ndiye kuti sunamvetse.

Nditangoyamba ntchito anandikhazika pambali pawo kuti ndiphunzire. Ankamvetsera kaseti katatu. Ulendo woyamba cholembera chinkakhala m'dilowa. "Mwanawe, wolemba samva," ankatero. "Ukathamangira kulemba, ulemba chimene munthu wayambira, pomwe chenicheni achinena kumapeto akutsanzika." Ulendo wachiwiri ankabweza pa ziro timanambala tija timayenda kaseti ikamazungulira, ndipo paliponse pamene wogula wakhudza umodzi mwa mitu itatu ija ankaimitsa, nkulemba nambala ya pamalopo ndi mawu a munthuyo monga momwe anawanenera. Ulendo wachitatu unali wa manambala ndi masiku okha, kutsimikiza kuti anati 15 osati 50, Lachiwiri osati Lachinayi. Mizere ya telefoni masiku amenewo inkachita phokoso, ndipo nambala yosamveka ankaiika chizindikiro chofunsa mmalo moilota.

Kaseti yomwe ndimaikumbukira bwino ndi ya mu Malichi 1995. Woimba anali mlimi wa fodya wa ku Kasungu, yemwe ankafuna kumanga chigayo pamsika wa kwawo. Woyankha anali mnzanga wina wa pakamwa pokoma, mnyamata wokondedwa ndi aliyense. Atatsitsa telefoni analowa mu ofesi akuvina, nalemba m'buku lake kuti wogula wadandaula mtengo basi, ndalama ali nazo zokwana K60,000, ndipo abwera sabata yamawa. Amayi anangoti, "Zikomo, achimwene, siyani kasetiyo apo."

Mmawa mwake tinamvetsera. Zinalidi zoona kuti mlimiyo anadandaula mtengo. Atangoumva anati, "Aaa, mwadula, bwana." Koma ananena kamodzi kokha, mnzanga anafotokoza za kugwa kwa kwacha, ndipo mlimiyo anayankha kuti, "Nzoona, feteleza nayenso wakwera." Sanabwererenso ku nkhaniyo. Amayi analemba dandaulolo, pambali pake nkuika kuti layankhidwa ndipo mwini wake wavomereza. Dandaulo lililonse ankalipatsa chimodzi mwa zigamulo zitatu: layankhidwa nkuvomerezedwa, layankhidwa koma wogula wangokhala chete, kapena silinayankhidwe nkomwe. Chachiwiricho ndicho ankachiopa, chifukwa wogulitsa amawerengera chete ngati kuvomera.

Kaseti ili chapakati, mlimiyo anafunsa ngati tili ndi makaniko ku Lilongwe. Mnzanga anayankha kuti injini zathu sizivuta, napitiriza kutamanda nyundo za chigayocho. Patapita kanthawi mlimiyo anasimba za mnansi wake amene chigayo chake chinakhala miyezi osagwira ntchito podikira kachitsulo ka pampu ya dizilo. Mnzanga anaseka naye, poyesa kuti ndi macheza. Potsanzika mlimiyo anati, "Kungoti Limbe ndi kutali." Apa Amayi anaimitsa kaseti nkundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Wamva kangati?"

"Katatu, Amayi."

"Nanga wayankhidwa kangati?"

Dandaulo la kusowa makaniko pafupi ndilo analiika pamwamba pa tsamba, ngakhale kuti mlimiyo sananene paliponse kuti akudandaula. Linabwera ngati funso, kenako ngati nthano ya mnansi, kenako ngati kuusa moyo. Kuchoka ku Limbe kukafika ku Kasungu ndi makilomita opitirira 400, ndipo chigayo chikaima mu Juni, chimanga chili mbwee m'nkhokwe, anthu amasamukira kwa wina osabwereranso. Amayi ankazindikira dandaulo lenileni ndi zinthu ziwiri: wogula waliyambitsa yekha osafunsidwa, ndiponso walibwereza atavala zovala zina. Za mtengo aliyense amadandaula, ngakhale amene ndalama ili kale m'thumba, chifukwa kugula osanenerera kumaoneka ngati uchitsiru.

Nkhani ya K60,000 inatitengera nthawi yaitali. Tinabweza kaseti kufuna pamene mlimiyo anatchula nambalayo, koma sitinapapeze. Anaitchula ndi mnzanga: "Ndiye 60,000 mukwanitsa, eti?" Mlimiyo nkuti, "Eee, tiona." Lamulo la Amayi pa ndalama linali lakuti uzilemba amene wayamba kutchula nambala. Ikatuluka pakamwa pa wogulitsa, umenewo ndi mtengo. Ikatuluka pakamwa pa wogula ndiye ungayambe kuiyesa ndalama imene ali nayo. Ndipo "eee" wa pa telefoni nthawi zambiri amangotanthauza kuti ndikumva, pitirizani.

Munthu wa kwathu kuno sanena msanga kuti ndili ndi zakuti. Zimatulukira m'mbali, ndipo Amayi ankazitola m'mbali momwemo. Mlimiyo anafunsa ngati timalandira theka kaye. Anafunsanso mtengo wa chigayo chokha popanda injini, popeza mlamu wake anali ndi injini yakale imene inangokhala. Ananena kuti mabelo ake oyamba akalowa ku okushoni ya ku Kanengo msika ukatsegulidwa. Pena anati "ndigula", koma nkhani itafika pa dipoziti anasintha nkuti "tikambirane kaye kuno". Amayi analemba zonsezi m'mawu a mwini wake, chilichonse ndi nambala yake ya pa kaseti. Pansi pake anajambula mzere, nkulemba maganizo awo: ndalama yonse palibe pakali pano, idzabwera pang'onopang'ono fodya akamagulitsidwa kuyambira mu Epulo, ndipo pali munthu wachiwiri woti avomereze, mwina mayi a kunyumba kapena mlamu uja. Mzere umenewo sankaudumpha. Pamwamba pankakhala zimene zili pa kaseti, zoti wina aliyense akhoza kukazimva yekha. Pansi pankakhala zimene iwo akuganiza, zoti bwana akhoza kuzitsutsa. Ndinaonapo malipoti ambiri m'makampani ena pambuyo pake, ndipo matenda awo aakulu anali kusakaniza ziwirizi, mpaka patatha mwezi palibe amene akudziwa ngati "alibe ndalama" ananena ndi wogula kapena ndi wogulitsa amene anakhumudwa.

Kuika zidutswazi pamodzi kunaonetsa chinthu chimene pa telefoni sichinamveke. Boma linali litasiya kwacha kuti iziyenda yokha pamsika mu Febuluwale 1994, ndipo pomatha chakacho dola imodzi, yomwe inkagulidwa ndi makwacha osakwana 5, inali itafika pafupifupi 15. Katundu wathu ankachokera kunja, motero mtengo wolembedwa pa kotesheni tinkausunga masabata awiri okha. Mlimiyo akanalandira kotesheni mu Malichi, nkutha mphamvu fodya wake asanagulitse ngakhale belo limodzi. Akanabwera mu Meyi nkupeza mtengo wina, akanati tamunamiza. Amayi analemba zimenezi pansi pa mzere ndi mawu ochepa: ndalama ndi kotesheni sizikumana.

Mutu wachitatu ndiwo unkakhala waufupi, ndipo ndi umene unkakwiyitsa anyamata. Kuti chinthu chilowe mmenemo chinkayenera kukhala ndi wochita, chochita ndi tsiku, komanso onse awiri amveke akuvomera. "Abwera sabata yamawa" sichinalowe. Pa kaseti mnzanga anati, "Mubwere sabata yamawa mudzachione," mlimiyo nkuyankha, "Mulungu akalola." Amayi, omwe anali a Mvano osaphonya Lachinayi, ankanena akumwetulira kuti Mulungu amalola zambiri koma sasainira kotesheni. Zogwirizana zenizeni zinapezeka ziwiri. Mnzanga analonjeza kutumiza mitengo iwiri pa positi pofika Lachisanu, wa chigayo ndi injini komanso wa chigayo chokha, ndipo mlimiyo anatchula bokosi lake la kalata. Mlimiyo analonjeza kuimbanso akaona nambala yolembedwa pa injini ya mlamu wake, koma tsiku sanatchule. Amayi analemba kuti "tsiku palibe", nkuonjeza pansi pa mzere kuti tiimbe ndife pakatha masiku khumi. Panali lonjezo linanso lomwe mnzanga anali ataliiwaliratu: pakati pa nthabwala anati sefa yachiwiri tidzapereka yaulere. Amayi analilemba. Ankati wogulitsa amaiwala zimene walonjeza akuseka, koma wogula amazisunga mpaka tsiku lolipira.

Tsambalo ankalitayipa ndi kaboni, lina kwa bwana, lina kwa wogulitsa, lina mu faelo, ndipo linkayenera kutuluka tsiku lotsatira lisanathe. Kaseti ankaisunga mpaka malondawo atatheka kapena atalephereka, kenako ankaifufuta nkujambulapo zina. Za matenda a mkazi wa munthu kapena ngongole zake za kwina, zomwe anthu amaulula akamasuka pa telefoni, sizinkalowa patsamba. Ankati munthuyo anavomera kujambulidwa kuti tisalakwitse manambala, osati kuti ofesi yonse idziwe za kunyumba kwake.

Mnzanga atawerenga tsamba lake anakhala kaye chete, kenako anati, "Amayi, mwandilanda kasitomala." Iwo anamupatsa chikho cha tiyi ndi kumuuza kuti akayambe kalatayo ndi nkhani ya makaniko, mitengo ibwere pambuyo. Bwana anavomera kuti m'kalatamo mulembedwe dzina la makaniko wa ku Lilongwe amene tinkagwira naye ntchito, mndandanda wa zitsulo zomwe tidzaperekere limodzi ndi chigayo, malamba ndi nyundo zapadera, ndiponso kuti akapereka dipoziti ya gawo limodzi mwa magawo atatu, mtengo tiusunga mpaka kumapeto kwa Meyi. Titaimba patatha masiku khumi aja anayankha ndi mayi a kunyumba, ndipo mafunso awo anali a dizilo: chigayocho chimamwa malita angati pa tsiku. Injini ya mlamu inapezeka kuti ndi yaing'ono, yosatha kukoka chigayo chachikulu chimene mnzanga ankatamanda. Banjalo linagula chigayo chocheperapo pamodzi ndi injini yake, pamtengo wotsikirapo kuposa K60,000 ija, ndipo linamaliza kulipira mu Julayi. Sefa yaulere inakwera nawo lole.