Kodi Chatiboti Iziyenda Sitepe ndi Sitepe?

Ambirife tinazolowera kumaliza funso lililonse ndi mawu akuti `Let's think step by step`, ngati mchere wothira m'ndiwo zilizonse. Mawuwa anatchuka mu 2022, ofufuza ataona kuti amathandiza chatiboti kukhoza masamu. Chifukwa chake n'chakuti chatiboti imalemba mawu motsatizana, ndipo imatsamira zimene yalemba kale kuti ipeze zotsatira. Ikamalemba masitepe, zimakhala ngati tayipatsa pepala lowerengerapo.

Titenge funso la m'kalasi ya akaunti. Buku la K10,000 lakwera mtengo ndi 20 peresenti, kenako latsika ndi 20 peresenti. Yankho lofulumira ndi K10,000, koma n'lolakwika. Litakwera lija linafika pa K12,000, choncho potsika tikuchotsa 20 peresenti ya K12,000, yomwe ndi K2,400, n'kutsala K9,600. Apa masitepe ndi othandiza, pakuti nambala iliyonse ikudalira inzake, ndipo tikhoza kutsata mzere uliwonse ndi kakyuleta mpaka tipeze pamene papotoka.

Koma tikafunsa chaka chimene Malawi analandira ufulu, palibe chowerengera. Yankho ndi 1964, basi. Kukakamiza masitepe pamenepa kumangotibweretsera ndime zitatu zozungulira, ndipo choopsa n'chakuti chatiboti ikaphonya chaka, ndime zosalalazo zimachikongoletsa mpaka timachikhulupirira. Timazizindikira tikaona kuti palibe mzere umene tingathe kuuyesa tokha. Zikatero timatseka foni n'kupita kukatsegula buku la mbiri ku laibulale.