Tsamba limodzi la a inchaji

Ntchito yanga ndi kusandutsa manambala a m'makaundula a chipatala kukhala tsamba limodzi loti munthu wotanganidwa aliyang'ane ali chiimire n'kudziwa mmene mwezi wayendera. Anzanga amalitcha dashibodi. Lomwe ndikufuna kufotokoza ndinakonzera mayi wina woyang'anira chipatala chaching'ono cha kumudzi, amene aliyense amangowatchula kuti a inchaji.

Sindinayambire pa kompyuta. Ndinakhala nawo pa benchi madzulo, mzere wa odwala utatha, n'kuwafunsa chimene amafuna kudziwa mwezi ukatha. Anandiyankha kuti: "Achimwene, manambala ndili nawo, ndimatumiza ku boma mwezi uliwonse. Chimene sindidziwa n'chakuti nambala ya mwezi uno ndi yodetsa nkhawa kapena ndi mmene zimakhalira." Mawu amenewa ndiwo anandipatsa muyezo. Chilichonse chosathandiza kuyankha funsolo ndinachisiya mu DHIS2, momwe malipoti a zipatala za m'Malawi amalowetsedwa, ndipo pa tsamba sichinafikepo.

Ndimayamba ndi pensulo pa pepala la A4 logoneka chopingasa, ndipo ndimaligawa m'zigawo zitatu kuchokera pamwamba kutsika. Pamutu ndimalemba dzina la chipatala, mwezi, ndi tsiku limene manambala anatengedwa. Tsikulo ndi lofunika chifukwa malipoti ena amafika mochedwa, ndipo tsamba la pa 5 likhoza kusiyana ndi la pa 20 mwezi womwewo. Pansi pa mutu pamabwera mabokosi anayi okhala ndi manambala akuluakulu: odwala onse obwera n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo, odwala pa tsiku limodzi, amayi oyamba sikelo, ndi anthu opezeka ndi malungo mwa amene anayezedwa. Diso limayambira kumanzere, choncho nambala yolemera kuposa zonse imakhala kumeneko. Pakati pa tsamba, malo aakulu kuposa ena onse, ndimaikapo galafu imodzi ya mzere yoonetsa miyezi 13. Pansi kumanzere pamakhala matenda asanu amene abweretsa anthu ambiri, m'mizati yogona, wautali pamwamba. Pansi kumanja ndimasiyapo mizere itatu yopanda kanthu.

Miyezi imakhala 13, osati 12, pa chifukwa chimene aliyense wokhala kuno amachidziwa. Mvula ikagwa udzudzu umaswana, ndipo kuyambira cha mu Januwale mpaka Epulo mabenchi amadzaza ndi odwala malungo. Kuyerekeza Febuluwale ndi Okutobala kuli ngati kuyeza mtsinje wa dzinja ndi wa chilimwe n'kumadabwa kuti madzi achuluka. Mnzake weniweni wa Febuluwale uno ndi Febuluwale wa chaka chatha, ndipo miyezi 13 imaika awiriwo pa galafu imodzi, wina kumayambiriro, wina kumapeto.

Pa chipatala chija zinayenda chonchi. Mu Januwale munabwera odwala 2,640, mu Febuluwale 2,400. A inchaji ataona kuti atsika ndi 240 anaganiza kuti mwina anthu ayamba kupita kwina. Koma Januwale anali ndi masiku 22 otsegula, Febuluwale 20. Tikagawa, miyezi yonse iwiri ikupereka odwala 120 pa tsiku, kutanthauza kuti sipanatsike kanthu, mwezi ndiwo unali waufupi. Nkhani yeniyeni inali kwina. Febuluwale wa chaka chatha anali ndi odwala 2,000, ndiye kuti chaka chino akwera ndi 400, omwe ndi 20 pa 100 alionse. Mu Excel, mwezi uliwonse uli ndi mzere wake, odwala ali mu B, masiku otsegula mu C, ndipo masamu ake ndi awiri okha:

```
=B14/C14
=(B14-B2)/B2
```

Oyambawo amapereka odwala pa tsiku, achiwiriwo kusiyana ndi mwezi womwewo chaka chatha. N'chifukwa chake pansi pa nambala yaikulu iliyonse ndimalembapo ka nambala kakang'ono ka chaka chatha, ndi kamuvi koloza m'mwamba kapena pansi. Nambala yoima yokha siuza munthu chochita. Kukwera kwa 20 pa 100 ndiko kunawachititsa mayiwo kuonjezera mankhwala pa oda ya mwezi wotsatira.

Bokosi la malungo limafuna kusamala kwina. Sindilemba opezeka ndi malungo okha, ndimalemba pamodzi ndi oyezedwa, monga 540 mwa 900. Zipangizo zoyezera zikatha pakati pa mwezi, opezeka ndi malungo amatsika pa pepala pamene kumudzi anthu akudwalabe. Nambala ziwirizo zikatsika limodzi, a inchaji amadziwa kuti ayambe ayang'ana ku famase asanasangalale.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndinachita, ndipo chinandiphunzitsa kuposa zonse. Mwezi wina lipoti la sikelo ya amayi silinafike pa nthawi yake, ine ndinalemba 0 m'bokosi kuti tebulo lioneke lodzaza. Mzere wa sikelo pa galafu unagwa mpaka pansi. Tsambalo linakafika pa msonkhano wa ogwira ntchito, ndipo namwino amene anaona amayi mwezi wonse anafunsidwa mafunso osamuyenera. Ndinakapepesa kwa iye, ndipo kuyambira pamenepo bokosi la lipoti losafika ndimalisiya lopanda kanthu. Mzere umaduka pamalopo, ndipo pansi pake ndimalemba kuti lipoti silinafike. Ziro amatanthauza kuti tinawerenga ndipo sipanabwere munthu. Mpata umatanthauza kuti sitinawerenge. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuona: mzere ukagwa mwezi umodzi n'kubwerera pomwe unali mwezi wotsatira, ndimatsegula kaundula ndisanakhulupirire galafu.

Chinanso chimene ndimayang'ana ndi poyambira galafu. Kompyuta ikasiyidwa yokha imatha kuyambira pa 2,000, ndipo kusiyana kwa 2,640 ndi 2,400 kumaoneka ngati phompho. Ndimaiuza iyambire pa 0 kuti kutsika kuoneke kukula kwake kwenikweni.

Mitundu sindiidalira. Pulinta ya pa chipatalapo imasindikiza zakuda ndi zoyera basi, ndipo chofiira ndi chobiriwira zimatuluka zotuwa mofanana. Ndimagwiritsa ntchito mzere wonenepa, zilembo zakuda kwambiri ndi timivi. Mwezi uno ndimauika kadontho kakakulu, nambala yake pambali, kuti munthu asavutike kuufuna. Ndikamaliza ndimasindikiza, n'kumata pa khoma, n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu. Chimene sindingathe kuwerenga ndili pamenepo ndimachikulitsa kapena kuchichotsa. Kenako ndimapatsa a inchaji tsambalo osanena kanthu, ndi kuwafunsa chimene aona poyamba. Akatchula china osati nambala ya kumanzere ija, ndiye kuti masanjidwe anga ndi olakwika, ndipo ndimabwereranso ku pensulo.

Mizere itatu yopanda kanthu ija ndi ya a inchaji. Kompyuta sidziwa kuti mlatho unakokoloka ndipo midzi ya kutsidya sinathe kuoloka kwa sabata ziwiri, kapena kuti dokotala anali ku maphunziro. Iwo amalemba zimenezi ndi bolopeni, n'kuika tsambalo m'fayilo. Chaka chamawa, Febuluwale akadzafika ndipo nambala ikadzaoneka yokwera poyerekeza ndi ya chaka chino, adzatsegula fayiloyo n'kupeza chifukwa chake chitalembedwa ndi dzanja lawo lomwe.