Kuphimbira Mabedi ndi Udzu ku Cigwa ca Luangwa

M'boma la Mambwe, munthu wa dimba sadandaula za nthaka, pakuti m'mbali mwa Lupande nthaka ndi yaconde. Cimene cimamtopetsa ndi madzi. Mvula ikaleka mu Epulo, mtsinje umayamba kuphwa, ndipo pofika Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu amacita kufukula mcenga kuti apeze otunga. Bedi lothiriridwa m'mawa limakhala litauma gwa dzuwa likafika pamutu, ndipo pamakande pamacita ming'alu yolowa cala. Madzi ambiri samwedwa ndi ndiwo ai. Dzuwa ndi mphepo ziwacotsa pamwamba pa dothi. Udzu wouma woyalidwa pabedi ndiwo umatseka njira imeneyi, komanso umamana kuwala mbeu za maudzu kuti zisamere.

Mkulu wina wa m'dziko la Mfumu Jumbe, amene amalipirira ana ake sukulu ndi ndalama za repu ndi matimati, amaiyamba nchitoyi dimba lisanalimidwe nkomwe. Amamweta udzu mu Meyi ndi Juni, moto wa m'chire usanapite, nauunjika pamalo olambulidwa bwino. Wozengereza kufikira Ogasiti amapeza phulusa lokha. Ngala za udzuwo amazidula nazitaya kutali, cifukwa woyala udzu wa njere ndiye kuti wafesa maudzu pabedi ndi dzanja lace lomwe.

Bedi lace n'la mita 1 m'mimba ndi mamita 5 m'litali. Akaokera mbande amayembekeza kuti zigwire ndi kuimirira. Pamenepo amapalira, nathirira mpaka madzi atalowa pansi ndithu, ndipo pambuyo pace ayala udzu. Dongosolo limeneli liri ndi cifukwa: udzu subala madzi, ungosunga amene wawapeza. Kucindikala kwace ndi zala zinai zogundana, ndiwo masentimita ngati 7. Ukacepa, kuwala kumalowa ndipo maudzu amamera. Ukacuruka, madzi a m'keni amathera muudzumo osafika ku mizu. Kuzungulira tsinde liri lonse amasiya kampata ka zala ziwiri kapena zitatu, pakuti udzu wonyowa ukakhudza tsinde lanthete limaola.

Bedi lotere likakhala poyera m'nyengo yotentha limafuna ndowa ziwiri za malita 20 tsiku ndi tsiku. Koma mkuluyo sathirira mwa cizolowezi. Amakankha udzu pang'ono, napisa cala m'dothi. Cala cikaturuka cozizira, dothi litamatirira, amapitirira bedilo kufikira mawa. Cikaturuka ca fumbi, amathirira patsinde pang'onopang'ono. Tsiku liri lonse limene adumpha ndi ndowa ziwiri zimene mkazi wace sanasenze kucokera kumtsinje.

Pa nazale lamulo ndi lina. Pamenepo udzu umayalidwa wopyapyala, kuti madzi asakokolole njere, ndipo umacotsedwa mbeu zikangoyamba kutumphuka. Ukakhalitsa, mbande zimaturuka zazitali, zoonda ndi zoyezuka, ndipo zikaona dzuwa la kucigwa zimagwa.

Akuru anati, walira mvula walira matope. Woyala udzu m'cigwa cino waitananso ciswe. Kawirikawiri ciswe cimakonda udzu wouma koposa mbeu yamoyo, ndipo cimene cadya cimasanduka dothi labwino. Coopsa cimadza udzuwo ukatha, bedi n'kuuma. Pamenepo cimatembenukira ku mbeu zofoka. Cifukwa cace mkuluyo akaona dothi likuonekera ndi timisewu ta ciswe pamwamba pa mapesi, amabwera ndi mtolo wina msanga. Mbande ikapezeka m'mawa itadulidwa patsinde, amadziwa kuti nkhululu kapena mbozi yabisala pafupi, ndipo amafukula pomwepo naipha.

Pali zina zimene udzu sungathe. Kapinga ndi dawe sizidalira njere zokha. Zimaphuka kucokera ku mizu ndi timibulu ta pansi, ndipo zimaboola udzu ngakhale wocindikala. Zimenezi zifunika kuzikumba ndi khasu bedi lisanaphimbidwe. Ndiponso udzu wouma suyenera kukwiriridwa m'dothi mbeu ziri pomwepo. Tizirombo tosaoneka ndi maso timene timauoletsa timayamba tatenga cakudya ca m'nthaka, ndipo masamba a pansi a repu amasanduka acikasu. Manyowa ndiwo a m'dothi, udzu ndi wa pamwamba.

Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, makande amasunga madzi okha, ndipo udzu wocindikala ungaoletse mizu. Nthawi imeneyo otsala aja amakokedwa, naponyedwa pa mulu wa manyowa pamodzi ndi ndowe, kuti adzabwerere kubedi caka camawa ataola.