Mapasa amachokera kwa ndani?

Amayi anzanga, kwathu mapasa si achilendo. Agogo obereka mayi anga anabereka mapasa, achemwali anganso chimodzimodzi. Ndiye nditaima, apongozi ankangondiyang'ana mimba.

Mapasa osafanana amabwera mayi akatulutsa mazira awiri mwezi umodzi, lililonse n'kukumana ndi mbewu yakeyake ya abambo. N'chifukwa chake wina amatha kukhala wamwamuna, wina wamkazi. Amenewa ndiwo amayenda m'magazi. Mwamuna wakumtundu wa mapasa sangachititse mkazi wake kutulutsa mazira awiri, koma angapatsire mwana wake wamkazi.

Ofanana ndendende aja ndi dzira limodzi logawika pawiri, zimangochitika. Ambiri amagawana nsengwa imodzi, wina n'kumaperewera chakudya, choncho kaunikitseni mimba ikadali yaing'ono, mukachirire kuchipatala.

Ine atandiunika anapeza mmodzi. Apongozi sanakhulupirire mpaka nditachira.